A Inshulansi Akakana Opaleshoni: Kalata ya Chipatala ndi Zimene Banja Liyenera Kuchita

Uthenga woti a inshulansi akana kulipira opaleshoni umakonda kufika kutatsala masiku ochepa kuti wodwala agonekedwe. Kalaliki wa ku ofesi ya mabilu amaimba foni n'kunena kuti, "Pepani bambo, chilolezo chija sichinatuluke." Mabanja ambiri amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amathamangira kwa akatapila kuti apeze dipoziti. Ena amangobwerera kunyumba ndi wodwala wawo, n'kumati zikaoneka. Onsewa amakhala atafulumira, chifukwa pakati pa kukana koyamba ndi yankho lomaliza pali kalata imodzi imene ofesi ya mabilu ya chipatala imatha kulembera bungwe la inshulansi, yofunsa chifukwa chokanira ndi kupempha kuti nkhaniyo aiunikenso.

Chinthu choyamba kuchimvetsa n'chakuti munthu amene wakana uja sanamuone wodwala wanu. Waona fomu. Pa fomupo pamakhala dzina, nambala ya umembala, khodi ya matenda, dzina la opaleshoni, tsiku logonekedwa ndi koteshoni ya ndalama. Ngati china mwa izi chalakwika kapena chaperewera, yankho limakhala loti ayi, ngakhale wodwala atakhala kuti akuvutikadi. N'chifukwa chake kalata yabwino siidandaula kapena kuchonderera. Imayankha chifukwa chenicheni chimene a inshulansi apereka, ndipo imaika umboni patebulo. Kalatayo amalemba ndi a chipatala, koma umboni wambiri umakhala m'nyumba mwanu.

Pezani kaye chifukwa cholembedwa

Mawu oti "akana" si chifukwa. Tsiku lomwelo pitani ku ofesi ya mabilu, osati kuimba foni, ndipo mupemphe kuona yankho lenilenilo la a inshulansi. Nthawi zambiri limabwera pa imelo kapena pa kompyuta ya chipatala, ndipo limakhala ndi nambala ya pempho, deti, ndi mzere umodzi kapena iwiri yofotokoza chifukwa. Nenani mwaulemu koma momveka: "Mayi, chonde ndisindikizireni yankho lawo, komanso fomu imene munatumiza." Muzifuna zonse ziwiri. Yankho lokha silithandiza ngati simukudziwa kuti linkayankha chiyani.

Mukakhala ndi mapepala awiriwa, khalani pabenchi n'kuwerenga fomu ya chipatala mzere ndi mzere, khadi la umembala lili m'manja. Onani ngati dzina lalembedwa monga lilili pakhadi. Mayi amene ku chipatala amadziwika ndi dzina la kwa amuna awo, pamene ku inshulansi analembetsa ndi dzina la makolo, amaoneka ngati anthu awiri osiyana. Onani deti lobadwa ndi nambala ya umembala, makamaka manambala a kumapeto amene amasiyanitsa mwini khadi ndi mkazi wake kapena ana. Zolakwika zotere zimakonzeka ndi imelo imodzi ndipo sizifuna kalata yaitali. Chimodzimodzinso ngati chifukwa chake n'chakuti ndalama za mwezi ndi mwezi sizinafike. Apa vuto silili ku chipatala koma ku ntchito kwanu: abwana akhoza kumadula ndalama pa malipiro anu koma n'kuchedwa kuzitumiza, ndipo inshulansi imaimitsa khadi. Wokonza zimenezi ndi a ofesi yoona za antchito kuntchito kwanuko, ndipo kalata ya chipatala siingachite kanthu mpaka ngongoleyo itabwezedwa.

Kukana kumene kumafuna kalata yeniyeni kuli mitundu iwiri. Kwina kumachokera pa malamulo a sikimu: akuti matendawa munali nawo musanalowe, kapena nthawi yodikira sinathe, kapena ndalama za chaka chino zatha, kapena sikimu yanu silola chipatala chimenecho. Kwina n'kwa zachipatala: dokotala wa bungwelo sanakhutire kuti opaleshoni ndi yofunika panopa. Mitundu iwiriyi imayankhidwa ndi anthu osiyana. Wa malamulo umayankhidwa ndi madeti ndi malisiti, ndipo amene amaudziwa ndi kalaliki pamodzi ndi inu. Wa zachipatala angauyankhe ndi dokotala yekha. Makalata ambiri amalephera chifukwa chosokoneza ziwirizi: a inshulansi afunsa za deti lolowera sikimu, chipatala n'kuyankha kuti wodwala akumva ululu kwambiri.

Tiyerekeze ndi nkhani imodzi

Titenge chitsanzo chongopeka, koma cha mtundu umene umachitika kawirikawiri. Mayi wa zaka 44 ali ndi zotupa za m'chiberekero. Akakhala kumwezi amataya magazi ambiri, amatopa msanga, ndipo akakwera kamtunda amapuma mobanika. Ali pa khadi la amuna awo, amene analowa sikimu kudzera kuntchito mu 2021 n'kulembetsa mayiwo nthawi yomweyo. M'mwezi wa Malichi 2024 bamboyo anasintha ntchito. Kampani yatsopano inalinso ndi bungwe lomwelo la inshulansi, koma anapatsidwa khadi latsopano ndi nambala yatsopano. Mu Ogasiti dokotala wa matenda a amayi anagamula kuti chiberekero chichotsedwe. Ofesi ya mabilu inatumiza fomu yokhala ndi nambala yatsopano, khodi ya D25.9, dzina la opaleshoni ndi koteshoni. Yankho linabwera ndi zifukwa ziwiri: matenda analipo kale umembala usanayambe ndipo nthawi yodikira sinathe, komanso zachipatala zimene zatumizidwa n'zosakwanira.

Tikayang'ana ndi maso a amene anakana, sanalakwitse kuwerenga. Pa kompyuta yake akuona membala wa miyezi isanu yokha. Zotupa za m'chiberekero zimakula pang'onopang'ono, pa zaka, ndiye n'zachidziwikire kuti sizinayambe mu Malichi. Khodi ya D25.9 nayo imanena zochepa kwambiri. Makhodi amenewa amachokera m'ndandanda wa matenda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse wotchedwa ICD-10, ndipo D25.9 imangotanthauza chotupa cha mnofu wa chiberekero chimene malo ake sanatchulidwe. Amayi ochuluka ali ndi zotupa zotere ndipo sizimawavutitsa n'komwe, moti safunika opaleshoni. Khodiyo payokha siinena kuti mayiyu akutaya magazi, siinena kuti magazi amuchepera, ndiponso siinena kuti mankhwala anayesedwa n'kulephera.

Pa chifukwa choyamba, umboni uli kunyumba. Bambo uja afunefune khadi lakale, kapena pepala lililonse lokhala ndi nambala yakale, ngakhale lisiti la ku famase. Atenge mapepala a malipiro a miyezi yomaliza kuntchito yakale ndi yoyamba kuntchito yatsopano, oonetsa kuti ndalama ya inshulansi inkadulidwa mwezi uliwonse popanda kudumpha. Ngati mapepalawo anatayika, kalata yochokera kwa abwana akale yotchula tsiku lolowa ndi lotuluka mu sikimu imathandiza. Akhozanso kupempha bungwe la inshulansi lomwelo chikalata chotsimikizira umembala wake kuyambira pachiyambi. Kenako atenge buku la malamulo a sikimu, limene ambiri timalandira n'kuliponya m'kabati, n'kufufuza ndime yokamba za nthawi yodikira ndi za munthu amene wasamuka kuchoka kwa abwana ena kupita kwa ena. Ndime imeneyo ndiyo idzagamule nkhaniyi. Malamulo amasiyana pakati pa mabungwe, ndiponso mkati mwa bungwe limodzi: ku MASM, mwachitsanzo, kuli masikimu a Econoplan, Executive ndi VIP, ndipo zimene membala amapeza zimatengera sikimu imene ali. Musadalire zimene anakuuzani mnzanu wa kuntchito, chifukwa mwina ali pa sikimu ina.

Pa chifukwa chachiwiri, pamafunika kalata ya dokotala amene achite opaleshoniyo. Apa ndiye pamene nkhani zambiri zimagona. Dokotala amaganiza kuti a mabilu atumiza zonse, a mabilu akudikira dokotala, ndipo mafayilo amakhala pa tebulo sabata yathunthu. Inu ndinu amene mungalumikize awiriwa. Funsani kalaliki kuti, "Kodi adokotala audziwa uthenga woti akana?" Ngati sanaudziwe, tengani pepala la yankho lija mupite nalo kwa namwino kapena mlembi wa adokotala.

Kalata ya dokotala iyenera kunena zinthu zoyezeka. M'chitsanzo chathu inganene kuti muyeso wa magazi a mayiyu unapezeka 7.8 g/dL pa deti lakutilakuti. Nambala imeneyi imalankhula yokha kwa dokotala wa inshulansi, chifukwa malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse, mayi wosayembekezera amati wachepa magazi akatsika pansi pa 12, ndipo pansi pa 8 ndi kuchepa kwakukulu. Inenenso zimene sikani inaonetsa: zotupa zingati, zazikulu bwanji, zili pati. Ngati zili mkati mwa khoma la chiberekero khodi yake ndi D25.1, ndipo ngati zili chakum'kati, pansi pa kakhungu ka m'chiberekero, ndi D25.0. Dokotala akhoza kuonjezera N92.0, ya kusamba mopitirira muyeso, ndi D50.0, ya kuchepa kwa magazi kobwera chifukwa chotaya magazi kwa nthawi yaitali. Koposa zonse, afotokoze zimene zinayesedwa kale: mapiritsi oonjezera magazi, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, njira za mahomoni, kwa miyezi ingati, ndipo zinatha bwanji. Funso limene dokotala wa inshulansi amakhala nalo m'mutu ndi lakuti, bwanji osayamba ndi njira yosafuna mpeni? Kalata ikaliyankha lisanafunsidwe, theka la ntchito latha.

Buku la kuchipatala la mayiwo, lija timayenda nalo m'chikwama, limathandiza kwambiri pamenepa. Ngati mankhwala ena anawalandira ku chipatala cha boma kapena cha mishoni, dokotala wa panoyu sangazidziwe pokhapokha ataona bukulo. Jambulani masamba okhudza matendawa okha. Palibe chifukwa chopatsira a inshulansi mbiri yonse ya moyo wa munthu.

Pali chinthu china chimene abambo ambiri amachiiwala. Khadi ndi lanu, koma matenda ndi a mayi. Chipatala chabwino sichitumiza zotsatira za sikani kapena za magazi, ngakhale kukupatsani inu, popanda chilolezo cha wodwalayo. Musakwiye akakuuzani kuti abwere okha adzasaine. Ndi bwino kupita nawo limodzi ulendo woyamba womwewo.

Kalatayo imaoneka bwanji

Makalata amenewa amalembedwa m'Chingerezi pa pepala la chipatala, ndipo amasainidwa ndi mkulu wa ofesi ya mabilu. Muli ndi chifukwa chabwino chopemphera kuiwerenga isanatumizidwe, popeza inu ndi amene mukudziwa madeti. Zimene ziyenera kukhalamo, m'Chichewa chathu, zingamveke motere:

"Kwa Mkulu woona za zilolezo. Tikulemba pa pempho nambala yakutiyakuti, la membala wanu wakutiwakuti, la opaleshoni yochotsa chiberekero imene inakonzedwa kuchitika pa 26 Ogasiti 2024. Pempholi munalikana pa 14 Ogasiti pa zifukwa ziwiri.

"Pa chifukwa choyamba, tikupempha mutiuze deti limene mwawerengera kuti umembala unayamba, ndi ndime ya malamulo a sikimu imene mwagwiritsa ntchito. Mapepala amene taphatikiza akuonetsa kuti wodwalayu wakhala pa bungwe lanu kuyambira 2021 pa nambala yakale yakutiyakuti, ndipo nambala yatsopano inaperekedwa mu Malichi 2024 chifukwa mwini khadi anasintha ntchito. Palibe mwezi umene ndalama sinalipiridwe.

"Pa chifukwa chachiwiri, taphatikiza kalata ya dokotala wochita opaleshoni, zotsatira za sikani ndi za magazi, ndi mbiri ya mankhwala amene anayesedwa. Makhodi takonza kukhala D25.1, N92.0 ndi D50.0 mogwirizana ndi zimene dokotala wapeza. Tikupempha kuti nkhaniyi aione dokotala wa bungwe lanu, ndipo dokotala wathu ndi wokonzeka kulankhula naye pa foni.

"Tikupempha yankho lolembedwa pofika pa 21 Ogasiti, kuti tidziwe ngati tisunge malo a ku fiyeta. Ngati mukanabe, tiuzeni chifukwa chonse ndi njira yochitira apilo. Ngati muvomera mbali ina yokha, tiuzeni ndalama imene mulipire pa chinthu chilichonse cha pa koteshoni."

Taonani kuti kalatayi ndi yaifupi. Mulibe mawu oti banjali ndi losauka, kapena oti akhala akulipira mokhulupirika zaka zonsezi ndiye n'zachisoni. Zimenezo n'zoona, koma wowerenga kalatayo alibe mphamvu yosinthira chigamulo chifukwa cha chisoni. Ali ndi mphamvu yosintha akaona kuti deti linalakwika kapena kuti umboni wakwana. Mulibenso kuopseza. Kalata yoyamba ikatchula maloya, nkhani ikhoza kuchoka m'manja mwa munthu amene akanaikonza tsiku lomwelo n'kupita ku ofesi ina kumene imakayenda pang'onopang'ono.

Mafunso awiri a m'kalatamo, lofunsa deti ndi lofunsa ndime, ndiwo mtima wake. Amakakamiza woyankha kutsegula fayilo n'kuyang'ana, m'malo mongobwereza mzere womwe uja. Deti loti ayankhire nalo n'lofunika. Kalata yongoti "mutiyankhe mwachangu" imadikira pamzere, pamene yotchula tsiku la opaleshoni ndi tsiku lofunira yankho imaonetsa kuti kuchedwa kuli ndi mtengo wake. Onetsetsaninso kuti kumapeto kwa kalata kuli mndandanda wa mapepala onse ophatikizidwa, chifukwa yankho loti "sitinalandire zotsatira za sikani" limabwera kawirikawiri.

Pa nkhani ya makhodi ndiyenera kuchenjeza. Kukonza khodi kuti inene zoona mokwanira n'koyenera. Kusintha khodi kuti matenda aoneke ngati ena amene sikimu imalipira ndi chinyengo. Wina akhoza kukunong'onezani kuti, "Tingolemba kuti ndi zadzidzidzi." Kanani. A inshulansi amayerekeza chilolezo ndi lipoti la ku fiyeta bilu ikafika, ndipo zikasiyana akhoza kukana bilu yonse opaleshoni itachitika kale, ngakhalenso kuthetsa umembala. Chimodzimodzi ndi kubisa kuti matenda anayamba liti. M'chitsanzo chathu kalata siikutsutsa kuti zotupa zinalipo Malichi asanafike. Ikunena kuti umembala nawo unalipo. Koma zikanakhala kuti mayiwo analowadi sikimu koyamba mu Malichi, atapezeka kale ndi zotupazo, ndiye kuti kukanako kukanakhala kolondola, ndipo kalata yothandiza ikanakhala yofunsa deti lenileni limene nthawi yodikira ithere, kuti dokotala aone ngati wodwala angadikire mpaka pamenepo ndi mankhwala.

Kalata ikapita

Pemphani kope la kalata ndi umboni woti yatumizidwa, kaya ndi imelo yosindikizidwa kapena chidindo cha ku ofesi ya inshulansi. Kenako inunso muimbe kapena mupite ku bungwelo monga mwini khadi. Chipatala chili ndi odwala ambiri amene chikuwatsatira, inu muli ndi mmodzi. Tchulani nambala ya pempho, funsani ngati kalata yafika ndi mapepala ake onse, ndipo funsani kuti ili m'manja mwa ndani. Khalani ndi kabuku kolembamo deti, nthawi, dzina la amene mwalankhula naye ndi zimene wanena. Kabuku kameneka kamaoneka kachabechabe mpaka tsiku limene munthu wina adzanene kuti simunaimbepo.

Akakuuzani pa foni kuti, "Zatheka, pitani akagonekedwe," thokozani, koma funsani nambala ya chilolezo ndipo mudikire kuti chipatala chiione cholembedwa. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Fomu imene mumasaina pogonekedwa nthawi zambiri imakhala ndi mzere woti inshulansi ikapanda kulipira, wosainayo ndiye adzalipire. Mukalowa ku fiyeta ndi lonjezo la pakamwa, ngongole yonse ili pa dzina lanu.

Chilolezo chikabwera, chiwerengeni monga munawerengera kukana kuja. Chimatchula opaleshoni yeniyeni, chipatala, deti, ndipo kawirikawiri masiku ogonera. Si lonjezo lolipira bilu yonse. Tiyerekeze kuti koteshoni inali K4,800,000 ndipo a inshulansi avomera K3,600,000 malinga ndi mitengo yawo. K1,200,000 yotsalayo ndi shotifolo, ndipo ndi yanu. Mukufunika kuidziwa wodwala asanagonekedwe, osati tsiku lotuluka. Funsani kalaliki ngati koteshoniyo ikuphatikiza dokotala wogonetsa tulo, magazi ngati angafunike kuikidwa, kuyeza chotupa ku labu opaleshoni ikatha, ndi mankhwala opita nawo kunyumba. Zinthu zimenezi zimakonda kubwera pa mabilu apadera. Kwa mayi wa magazi ochepa ngati wa m'chitsanzo chathu, funso la magazi si lamasewera. Ngati tsiku la opaleshoni lasuntha, kapena dokotala waona kuti wodwala agone masiku oposa amene analoledwa, ofesi ya mabilu idziwitse a inshulansi nthawi yomweyo kuti chilolezo chikonzedwe. Kumbutsani, musaganize kuti zangochitika zokha.

Akakananso kachiwiri, yankho lolembedwa lija ndilo poyambira apilo. Apa wolemba amakhala inu, mwini khadi, chifukwa mgwirizano uli pakati pa inu ndi bungwelo, osati chipatala. Lemberani mkulu wa bungwe kapena komiti yoona madandaulo monga buku la malamulo likunenera, ndipo muphatikize kalata ya chipatala ndi mayankho onse awiri. Ngati munalowa kudzera kuntchito, dziwitsani a ofesi yoona za antchito. Kampani imene imalipirira anthu ambiri imamvedwa msanga kuposa munthu mmodzi. Kunja kwa bungwelo, ku Malawi kuli bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, limene limalandira madandaulo a ogula katundu ndi olandira ntchito za makampani.

Abale amene ali pa masikimu a ku South Africa ali ndi chitetezo cholembedwa m'lamulo la dzikolo la masikimu a zachipatala, lamulo nambala 131 la 1998. Kumeneko nthawi yodikira ya matenda onse siingapose miyezi itatu, ndipo ya matenda amene munthu analowa nawo siingapose miyezi 12. Munthu amene wasamukira ku sikimu ina chifukwa chosintha ntchito, n'kulembetsa pasanathe masiku 90 chichokereni ku sikimu yakale, sayenera kupatsidwa nthawi yatsopano yodikira. Sikimu ikakana ndipo njira zake za madandaulo zalephera, membala amakadandaula kwaulere ku Council for Medical Schemes, ndipo sikimuyo imapatsidwa masiku 30 kuti iyankhe. Nkhani ya mayi wa m'chitsanzo chathu ikanachitikira ku Joni, kalata ya chipatala ikanangotchula ndime 29A ya lamuloli.

Wodwala asaiwalike

Pamene makalata akuyenda, thupi silidikira. Funsani dokotala mosapita m'mbali kuti, "Adokotala, tingadikire masiku angati popanda kuika moyo pachiswe, ndipo tiziyang'ana zizindikiro ziti?" Kwa mayi wa zotupa za m'chiberekero masiku odikirawo akhoza kugwiritsidwa ntchito bwino, chifukwa madokotala amafuna kuti magazi akwere kaye opaleshoni isanachitike. Amwe mankhwala oonjezera magazi monga awauzira, ndipo ayezetsenso tsiku lisanafike. Koma akayamba kutaya magazi kwambiri moti akusintha zovalira ola lililonse, akamachita chizungulire kapena kukomoka, akamabanika atangokhala, akalephera kukodza, kapena akamva ululu waukulu wadzidzidzi m'mimba, nkhani ya chilolezo isiyeni kaye. Pitani ku chipatala nthawi yomweyo, ndipo a inshulansi adziwitsidwe wodwala atalandiridwa kale.

Ndi nzeru kufunsanso njira yachiwiri kalata isanayankhidwe, osati itakanidwa. Opaleshoni yochotsa chiberekero imachitikanso ku zipatala zazikulu za boma, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ngakhale kuti kumakhala mzere wodikira. Zipatala zina za mishoni nazo zimachita, ndipo mukhoza kufunsa mtengo wake n'kuyerekeza ndi koteshoni imene muli nayo. Pemphani dokotala wanu kalata yotumizira wodwala, pamodzi ndi makope a sikani ndi zotsatira za magazi, kuti musakayambirenso kuyeza zonse. Kulembetsa pa mzere wa ku boma sikuletsa kuti kalata ya ku inshulansi ipitirire. Nthawi zinanso shotifolo ikakula, funsani a inshulansi ngati pali chipatala china chimene mitengo yake ikugwirizana ndi yawo, ndipo ngati chilipo, chilolezo chiyenera kupemphedwanso m'dzina la chipatala chimenecho.

Ngati banja lasankha kulipira lokha kuti opaleshoni isachedwe, musaleke kutsatira kalata ija. Uzani a inshulansi molemba kuti mukulipira chifukwa cha kufulumira kwa matenda koma simukugwirizana ndi kukana kwawo. Tengani bilu yofotokoza chinthu chilichonse pachokha, yokhala ndi makhodi, ndi malisiti enieni a chidindo, osati mauthenga a pa foni okha. Dziwani kuti masikimu ambiri amavuta kubweza ndalama ya opaleshoni imene inachitika popanda chilolezo, ndiye musatenge ngongole poyembekezera kuti idzabwerera. Amaikanso malire a nthawi yoperekera malisiti. Yang'anani malirewo m'buku la malamulo a sikimu yanu musanatuluke m'chipatala, ndipo mulembe detilo pachikuto cha fayilo imene mukusungamo mapepala onsewa.